Chiganizo Chimene Achimwene Sanalembe

Kalata ya achimwene inali ya masamba asanu ndi limodzi, yolemba pamanja, mizere yake yowongoka ngati achita kuyeza ndi rula. Anaisiya kwa alonda a pageti ya koleji Lachitatu m'mawa, osalowa, osaimba ngakhale foni. Ndinaiwerenga nditaimirira pakhonde, ndinaiwerenganso ndikukwera masitepe, ndipo pofika mu ofesi mutu unali utatentha kale.

Nkhani yake inali ya bambo athu. Anali atagona m'chipatala milungu isanu chidwalireni sitiroko, ndipo adokotala anati Lachisanu atuluka. Funso linali lakuti akatuluka apita kwa yani. Amayi anatisiya kalekale, ndipo ana tilipo awiri basi, ine ndi achimwene. M'chikwama changa munalinso kalata ina, yochokera ku koleji yaikulu ya mumzinda wakutali, yondiitana kuti ndikakhale mkulu wa dipatimenti. Ntchito imeneyo ndinaidikira zaka khumi ndi chimodzi. Ankafuna yankho pofika Lolemba, ndipo chaka choyamba chonse chinali cha maulendo okhaokha, sabata ino kuno, sabata yamawa uko. Munthu wosamalira wodwala sangaikwanitse. Bambo akabwera kwa ine, ntchito ija ndiye yapita, ndipo achimwene ankadziwa zimenezi bwinobwino.

Ine ntchito yanga ndi yophunzitsa ophunzira a chaka choyamba kulingalira mwadongosolo. Timatenga nkhani yaitali imene munthu walemba pofuna kutikopa, n'kuiyala pabolodi ngati mapu. Pamwamba timaika mathero, ndiko kuti chimene wolembayo akufuna tivomere. Pansi timaika mfundo zimene waperekapo zifukwa zake, iliyonse m'bokosi lake, ndi mivi yoloza chimene ikuchirikiza. Ndiye pali mfundo zina zimene wolemba sanazitchule koma nkhani yake singaime popanda izo. Zimenezo timazilemba m'bokosi la madontho, kuti aliyense aone kuti taikamo ndife. Ophunzira amadana nayo ntchitoyi mwezi woyamba, kenako amayamba kuigwiritsa ntchito pa makolo awo ndi pa zibwenzi zawo, ndipo madandaulo amabwera kwa ine.

Kalasi ya teni koloko ndinaiphunzitsa thupi lokha. Ndinalemba deti yolakwika, ndinaitana wophunzira wina ndi dzina la mnzake, ndinagwetsa dasitala kawiri. Nditakhala pansi ndinkafuna kuimirira, nditaimirira ndinkafuna kutuluka. Belu la nkhomaliro litalira ndinadikira kuti onse atuluke, ndikutseka chitseko, ndikutulutsa kalata ija. Ndinati achimwene alemba ngati loya, ndiwayankha ngati mphunzitsi.

Choyamba ndinafunafuna mathero. Anthu olemba zowawa samaziika poyera, ndipo achimwene anawakwirira patsamba lachisanu, pakati pa ndime, pambuyo pa nkhani ya mabulangete: “Choncho, mlongo wanga, ndaona kuti bambo akakhale kwa iwe.” Ndinawalemba pamwamba pa bolodi, choko mpaka kuthyoka.

Kenako ndinapereka manambala ku ziganizo zonse. Zinakwana makumi asanu ndi awiri kudza zitatu. Ndinayamba kufunsa chilichonse funso limodzi: kodi ukuthandiza kuti mathero aja akhale oona, kapena wangobwera kudzaperekeza? Zambiri zinali zoperekeza. Tsamba lachiwiri lonse linali la mmene bambo ankandinyamulira panjinga popita kusukulu, ine nditavala nsapato zosiyana. Zoona, ndimakumbukira, koma sichinali chifukwa choti munthu akagone kwa uyu osati kwa uyo. Ndinachidula. Ndinadulanso za mvula, za mwendo wa achimwene umene umawawa kukazizira, ndi za kuti moyo ndi waufupi. Zinatsala zisanu.

Yoyamba: bambo sangakhalenso okha. Pansi pake panali mawu a adokotala, kuti dzanja ndi mwendo wa kumanzere sizikugwira. Sindinatsutse.

Yachiwiri: bambo ayenera kukhala ndi munthu amene amamudziwa, chifukwa anthu achilendo akuwaopsa. Pansi pake panali zimene anamwino ananena, kuti akabwera namwino watsopano bambo amakana mankhwala n'kuyamba kunjenjemera. Zimenezi ndinaziona ndi maso anga. Mfundo imeneyi inatseka njira yofuna wantchito kapena yowapititsa kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo ngakhale ndinaiyang'ana mokwiya sindinapeze poigwira.

Yachitatu: anthu amene bambo atsala nawo ndi ife awiri.

Zitatuzi ndinazimanga pamodzi ndi mzere umodzi, muvi wake umodzi, chifukwa zimagwira ntchito limodzi. Ukachotsa imodzi, ziwiri zotsalazo sizifikitsa kulikonse. Muviwo unaloza bokosi lapakati: bambo ayenera kukhala ndi mmodzi wa ife awiri. Mpaka pamenepo achimwene anamanga bwino, ndipo zinandinyansa kuvomera.

Yachinayi inati nyumba yanga ilibe masitepe ndipo zitseko zake njinga ya odwala ikhoza kulowa. Achimwene ntchito yawo ndi yoyeza malo, ndipo analemba mpaka masentimita a chitseko cha kubafa kwanga. Anayeza liti, sindikudziwa. Yachisanu inati nyumba yanga ili pafupi ndi chipatala. Ziwirizi iliyonse inali ndi muvi wakewake, chifukwa imodzi siidalira inzake. Koma nditaziyang'anitsitsa ndinaseka ndekha m'kalasi mopanda anthu. Nyumba ya achimwene nayo ilibe masitepe, ndipo ili ndi zipinda zinayi pamene yanga ili ndi ziwiri. Kwanga n'pafupi ndi chipatala, inde, koma ine ndimayenda pansi, iwo ali ndi galimoto. Mfundo ziwirizi zinkangosonyeza kuti bambo akhoza kukhala kwa ine. Sizinkasonyeza kuti ayenera kukhala kwa ine m'malo mwa kwa iwo.

Mpata ndi umenewo. Pakati pa “mmodzi wa ife awiri” ndi “iwe” panalibe mlatho. Ndinajambula bokosi la madontho, lalikulu, ndili ndi chisangalalo choipa, ndikulembamo ndi zilembo zazikulu: MKAZI WOPANDA MWAMUNA NDI MWANA ALIBE CHOCHITA, NDIPO NTCHITO YAKE NDI MASEWERA.

Ndinabwerera m'mbuyo ndikuyang'ana. Zinakoma. Ndinatulutsa foni kuti ndijambule bolodi lonse ndiwatumizire, popanda moni, popanda mawu ena alionse.

Chitseko chinatseguka, analowa a Tsono atanyamula kapu ya tiyi ndi mafayilo m'khwapa. Ndi mphunzitsi mnzanga, wamkulu kwa ine ndi zaka makumi awiri, ndipo ndi amene anandiphunzitsa ntchito imeneyi nditangofika. Dzinalo anawapatsa ndi ophunzira, chifukwa ukawafotokozera chinthu ola lathunthu amangokuyang'ana n'kunena kuti, “Tsono?” Kalasi yawo inali yotsatira m'chipinda chomwecho. Anaima, magalasi ali pamphuno, n'kuwerenga bolodi kuyambira pamwamba.

“Wophunzira wake ndi uti ameneyu?” anafunsa.

“Si wophunzira. Ndi kalata ya achimwene anga. Mapu ndajambula ndine.”

“Ooo. Pepanitu.” Anamwa tiyi. “Pansipa mwagwira bwino. Zitatuzi mwazimanga bwino, ziwirizi mwazilekanitsa bwino. Koma bokosi la madontholi, madamu, mukanakhala wophunzira wanga ndikanakupatsani anayi pa khumi.”

“Simukuwadziwa achimwene anga inu.”

“Zoona, sindikuwadziwa. N'chifukwa chake ndikuwerenga bolodi, osati iwo. Tandikumbutsani, ana timawauza chiyani za bokosi limeneli?”

Lamulolo ndimalinena chaka chilichonse mpaka ophunzira amandiyeserera m'makonde: m'bokosi la madontho ikamoni chimene nkhaniyo ikufunikira kuti iime, chaching'ono zedi chimene chingagwire ntchitoyo, osati choipitsitsa chimene mungamuganizire wolembayo.

“Tiyeni tiyese chanucho,” anatero a Tsono, akuika kapu pawindo. “Tinene kuti n'choona. Ndinu mkazi wopanda chochita, mumangobwera kuno kudzadetsa manja ndi choko. Tsono? Zikuwachotsa bwanji achimwene anu pamndandanda? Inu mukhoza kukhala wopanda chochita, bambo n'kukakhalabe kwa iwo kuli zipinda zambiri. Chiganizo chanu pachokha sichikufikitsa kumatheroko. Ndipo mukachifufuta, pali china chimene chingafikitse popanda icho. Ndiye si chimene nkhaniyi ikufunikira. Ndi chimene inu mukufuna kuti iwo akhale ataganiza.”

“Koma ndi zimene akuganiza! Chiyambire ndili mwana amandiona ngati wotumidwa wawo.”

“Mwina. Ngati ndi choncho mukawafunse pamaso. Koma musachilembe pamapu ngati kuti mwachipeza m'kalata. Tengani dasitala.”

Ndinapsa mtima, makamaka chifukwa ananena modekha. Ndinafufuta mwamphamvu, fumbi la choko mpaka m'tiyi wawo, ndipo sindinapepese.

“Pali anthu awiri,” anatero. “Mmodzi ayenera kuwatenga. Mathero akuti ndinu. Chikusoweka n'chiyani? Mawu ochepa, osathira tsabola.”

Ndinalemba, tizilembo ting'onoting'ono: Bambo sangakhale kwa achimwene.

“Basi,” anatero a Tsono. “Mmodzi wa awiri, osati uyu, ndiye uyo. Tsopano nkhani yaima. Mfundo zonse zikakhala zoona, mathero sangathawe.”

Ndinayang'ana kabokosiko. Pansi pake panali mbee. Panalibe muvi uliwonse wokalozako.

“Ndiye ndawagwira,” ndinatero. “Mfundo imene yanyamula katundu yense sanailembe, ndipo sanapereke chifukwa ngakhale chimodzi. Masamba asanu ndi limodzi, zonse zaima pa mpweya. Ndijambula pompano, ndiwatumizira.”

“Mwagwira kuti sanapereke chifukwa. Simunagwire kuti chifukwacho palibe. Mapu amakuonetsani pamene pali dzenje, madamu. Sakuuzani kuti m'dzenjemo muli chiyani.” Anatola kalata padesiki, n'kundiyang'ana ngati akupempha chilolezo, ine ndikugwedeza mutu. Anatembenuza masamba mofulumira. “Munthu uyu anayeza chitseko cha kubafa kwanu. Ndi munthu woiwala zinthu ameneyu?”

“Ayi. Amasunga ndi malisiti a mabatire omwe.”

“Tsono? Tandipezereni pamene watchula nyumba yake.”

Ndinalanda kalatayo. Ndinayenda ndi chala mzere ndi mzere, ziganizo zonse makumi asanu ndi awiri kudza zitatu, kuphatikizapo zimene ndinadula. Nyumba yanga inalimo kasanu ndi kawiri. Nyumba yawo munalibe. Alamu anga, akazi awo, munalibe. Ana awo awiri munalibe. Munthu wofuna kuzemba udindo amachulutsa zifukwa: ana akulemba mayeso, akazi anga msana, kuntchito kwavuta. Achimwene sanalembe ngakhale chimodzi. Anazungulira nyumba yawo masamba onsewo ngati munthu wolambalala matope.

Ophunzira a Tsono anali atayamba kusuzumira pachitseko. Ndinajambula bolodi ndi foni, mmene linalili tsopano, ndikufufuta zonse msangamsanga.

Kalasi yanga ya thu koloko ndinaitulutsa nthawi isanakwane, ndipo palibe anadandaula. Ndinaimbira achimwene katatu, foni inkangoitana. Ndinapita mu ofesi, ndinakhala, ndinatsegula kompyuta kuti ndilembe yankho la ntchito ija, ndinalemba moni yekha ndikutseka. Ndinapita kukatunga madzi ndikuiwala botolo. Maganizo ankathamanga paliponse. Mwina banja lawo likutha. Mwina adwala iwo. Mwina palibe chilichonse, angondidyera masuku pamutu monga mwa masiku onse, ndipo a Tsono andipusitsa ndi ulemu wawo wa m'mabuku. Ndinkafunitsitsa kuti chikhale chomalizachi. Ndikunena zoona, ndinkafuna kuti achimwene akhale olakwa, chifukwa akakhala olakwa ine ndinyamuka ndi mtima woyera.

Chidwalireni bambo tinagawana nthawi. Ine ndinkapita m'mawa ndisanalowe ntchito, kukawasambitsa kumaso ndi kuwamwetsa tiyi. Achimwene ankapita madzulo akaweruka, hafu folo. Tinali tisanakumanepo kuchipatalako kuyambira sabata yoyamba. Tinkangotumizirana mauthenga afupiafupi: adya, agona, sopo watha.

Ndinaganiza zokawapeza kuchipatala komweko. Basi inachedwa, ndipo itabwera inaima paliponse. Ndinatsika siteji imodzi ndisanafike ndikuyamba kuyenda, chifukwa kukhala pampando kunandikanika. Ndinadutsa pa famase, pa malo ochapira magalimoto, pageti pamene alonda amafufuza zikwama. Wodi ya bambo ili kumapeto kwa khonde lalitali lopaka utoto wobiriwira mpaka m'chiuno, lonunkha mankhwala okolopera.

Ndinawaona ndili patali. Achimwene anali pabenchi kunja kwa wodi, atavala jekete la kuntchito la mizere yowala, nsapato zili fumbi. Pamiyendo anali ndi chikwama cha zovala zochapa, zopinda bwinobwino, ndi fulasiki. Namwino wina anatuluka, iwo anaimirira n'kumupatsa zonsezo, namwinoyo n'kulowa nazo ngati ndi zimene amachita tsiku lililonse. Achimwene anakhalanso pansi n'kuyang'ana khoma.

“Achimwene.”

Anadzidzimuka. “Iwe? Si nthawi yako ino. Kwagwanji?”

“Foni simukuyankha.”

“Ndimathimitsa kulira ndikakhala kuno.” Anayang'ana chikwama changa. “Walandira kalata?”

“Ndalandira. Bwanji simukulowa?”

“Ndilowa. Akuwasintha zovala kaye.”

Ndinakhala pambali pawo. Mawu onse amene ndinakonza m'basi anabalalika, ndiye ndinachita chimene ndimadziwa. Ndinatulutsa foni, ndinakulitsa chithunzi cha bolodi, ndikuwapatsa.

“Ichi n'chiyani? Wandiika pabolodi? Ana asukulu awerenga?”

“Palibe wawerenga, kupatula mnzanga mmodzi. Taonani. Izi zitatu ndi zanu, ndipo ndavomera. Bambo akhale ndi mmodzi wa ife. Izi ziwiri za masitepe ndi za chipatala ndi zoona, koma sizikusankha pakati pa inu ndi ine. Kuti kalata yanu ifike pamene yafikapo ikufunika ichi.” Ndinaloza kabokosi ka madontho. “Simunachilembe. Ndachiikamo ndine. Sindinabwere kudzakangana, ngakhale m'mawa ndinkafuna kutero. Ndangobwera kudzafunsa. Chiganizo chimenechi n'choona?”

Achimwene amadziwa kuwerenga mapu kuposa ine. Anatsata mivi ndi chala chawo chokhakhala, kuchokera pansi mpaka pamwamba, n'kubwerera pa kabokosi kaja. Trole ya mankhwala inadutsa, tinakweza miyendo.

“Ndinalemba katatu kalata imeneyi,” anatero. “Kawiri konse chinalimo. Ndinkati ndikafika pamenepo ndikung'amba.”

“Ndi alamu? Akana?”

“Alamu ako anakonza kale chipinda. Anasoka ndi makatani.”

“Nanga mukudwala?”

“Ayi.”

“Ndiye n'chiyani, achimwene? Lolemba ndiyenera kuyankha anthu aja. Zaka khumi ndi chimodzi! Mukufuna nditaye zonsezo chifukwa cha chinthu chimene simungathe ngakhale kuchitchula?”

Ndinakweza mawu, ndipo mayi wina pabenchi ina anatitembenukira. Achimwene anandibwezera foni, anaimirira, anavula jekete la kuntchito lija n'kulipinda, anakonza kolala ya shati.

“Lowa iwe kaye,” anatero. “Ukakhale nawo pang'ono. Ine ndibwera pambuyo. Usanene kanthu, ungoona.”

Bambo anali atakhala tsonga, atatsamira mapilo, atavala shati yoyera imene achimwene anabweretsa. Atandiona nkhope inawala mbali imodzi, mbali imene imagwirabe.

“Amayi,” anatero. Amanditchula choncho chiyambire ndili wamng'ono. “Kwacha kale?”

“Ayi bambo, ndi madzulo. Ndangobwera kudzakuonani kawiri lero.”

Ndinakhala pabedi ndikugwira dzanja lawo lamanja. Anandiuza, mawu akukoka, kuti munthu wa bedi lapafupi amaliza mkonono ngati injini. Ndinaseka. Kenako chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, achimwene analowa, n'kuima kumapazi kwa bedi manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu.

“Mwaswera bwanji, bambo?” anatero motsitsa.

Dzanja la bambo linandifinya mpaka zala kuwawa. Anakankhira msana m'mapilo, mpweya ukutuluka mofulumira, ndipo mwendo wabwino uja unayamba kugunda chitsulo cha bedi.

“Wabweranso,” ananong'ona. “Amayi, munthu uja wabweranso. Tsiku lililonse amaima apo. Akufuna chiyani? Muuze achoke. Anesi! Anesi!”

“Bambo, awa ndi achimwene. Mwana wanu woyamba.”

“Usandinamize! Mwana wanga sindingamudziwe ine? Uyu ndi mdala wa imvi. Muchotse!”

Kapu ya madzi inagwa patebulo. Namwino anabwera akuthamanga, koma achimwene anali atatembenuka kale. Anatuluka mwakachetechete, osafulumira, ngati munthu wodziwa njira yake, ndipo anatseka chitseko bwinobwino kuti chisalire.

Panatenga mphindi khumi kuti bambo asiye kunjenjemera. Ndinawapukuta thukuta, ndinawamwetsa madzi, namwino akutola zidutswa za kapu ija. “Achimwene anuwo timawauza kuti azingodikira panja,” anandinong'oneza namwinoyo. “Koma masiku ena amayesabe. Anatipempha kuti tisakuuzeni, akuti muli ndi zambiri kale.”

Ndinatuluka. Achimwene anali pabenchi pomwe paja, akuyang'ana zikhato zawo.

“Chiyambire liti?”

“Sabata yachiwiri. Adokotala akuti zimachitika. Zikhoza kubwerera, zikhoza osabwerera. Ndinameta ndevu, ndinavala jekete lakale la bambo, ndinabweretsa zithunzi. Pachithunzi amandiloza, ndili ndi zaka makumi awiri, n'kunena kuti mwana wanga uyu. Akakweza maso n'kundiona ineyo amakuwa.” Anayang'ana chitseko cha wodi. “Alamu ako ndi ana sawadziwanso, koma iwowo amangowayang'ana. Amene amamuopa ndine. Ndiye ndiwatengere kunyumba kwanga, azikadzuka m'mawa uliwonse m'nyumba ya munthu amene amamuopa? Ndizikagona m'galimoto?”

“Mukanangondiuza.”

“Ndikanalemba bwanji? Kuti bambo anga sakundidziwa? Ndinkati ndikalemba ndiye kuti zatheka.” Anapukuta kumaso ndi jekete lija. “Za ntchito yako ndikudziwa, mlongo wanga. Usaganize kuti sindikudziwa. Ndazungulira nazo masiku onsewa kufuna njira ina. Ngati iwe ukuiona, ndi mabokosi akowo, ndionetse. Ndigwada pansi.”

Ndinafufuza. Ndikulumbira kuti ndinafufuza, pomwepo pabenchi, mfundo imodzi ndi imodzi, ngati munthu wogwedeza zitseko za nyumba yokhoma. Kodi angakhale okha? Ayi. Wantchito? Ndinali nditangoona zimene nkhope yachilendo imawachita. Wachibale wina? Palibe. Kupita nawo kumzinda kuja? Ndikanawasiya ndi yani masabata a maulendo aja? Kwa achimwene? Ndinali nditaona ndi maso anga. Zonse zinali zoona, ndipo zinali zolumikizana bwino. Ndakhala ndikuuza ana a eni ake kuti mfundo zikakhala zoona ndipo zikufikitsa kumathero, kukana matherowo chifukwa sakukukomera ndi kudzinamiza. Sindinadziwe kuti zimawawa chonchi. Ndinakwiya, koma panalibenso munthu womukwiyira, ndipo ndinalira pang'ono chifukwa cha ntchito yanga, osachita manyazi.

“Lachisanu mubwere ndi galimoto,” ndinatero nditapukuta m'maso. “Bedi la bambo mukalitenge mawa kunyumba kwawo, kiyi wa kwanga ndikupatsani. Koma poyendetsa muzivala chipewa kuti asakuoneni nkhope, ine ndikhala nawo kumbuyo.”

Anagwedeza mutu. Sanathokoze, ndipo ndinayamikira kuti sanatero.

Ndinalowanso kukatsanzika. Bambo anali atadekha, maso ali kudenga. Ndinawakonzera pilo ndikuwauza kuti Lachisanu tikupita kunyumba kwanga, akakhala ndi ine.

“Kwa iwe? Chabwino, amayi. Chabwino.” Anandigwira mkono n'kundikokera pafupi, ngati akufuna kundiuza chinsinsi. Chitseko chinali chotseguka pang'ono, ndipo ndinkaona phewa la achimwene ataima kuseri kwake, akumvetsera.

“Koma mchimwene wako uja,” anatero bambo. “Ndinamulakwira chiyani? Mwezi wathunthu ndili muno, osabwera ngakhale tsiku limodzi kudzandiona.”